Sikelo Yokha Sinena Zonse: Mmene Achipatala Amaunikira Munthu Wonenepa Kwambiri

Amayi awiri akhoza kukhala ndi msinkhu wofanana, n'kukwera pa sikelo imodzi, onse n'kupezeka kuti akulemera makilogalamu 86. Woyamba mafuta ake ali m'matako ndi m'ntchafu, magazi ake akuyenda bwino ndipo shuga wa m'magazi ali m'malo mwake. Wachiwiri miyendo yake si yaikulu kwenikweni, koma mimba ndiyo yatsogola, magazi ayamba kuthamanga ndipo matenda a shuga ali pakhomo iye osadziwa. Sikelo yawapatsa nambala imodzi, koma awiriwa sakufunika thandizo lofanana.

N'chifukwa chake katswiri wa za kadyedwe, namwino kapena dokotala amene akudziwa ntchito yake salekera pa sikelo. Amafuna kudziwa zinthu zitatu. Mafutawo akhala pati m'thupi? Ayamba kale kuononga chiyani? Nanga pa moyo umene munthuyu akukhala, ndi zakudya zimene angathe kupeza, n'chiyani chimene angasinthe n'kupitiriza osatopa?

Mafunso amenewa akufunika kwambiri kwathu kuno. Kafukufuku wa boma wa za chiwerengero cha anthu ndi umoyo wa 2015-16 anapeza kuti m'Malawi amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali olemera mopitirira muyezo kapena onenepa kwambiri, ndipo m'matauni anali 36 mwa 100 alionse. Kafukufuku wina wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Komatu pamudzi timati wonenepa ndiye wapeza bwino, banja lamukomera, pomwe woonda timamukayikira kuti akudwala. Choncho munthu akhoza kukhala zaka zambiri akuyamikiridwa chifukwa cha thupi lomwelo limene likumudwalitsa.

Kuti tione bwino mmene kuunikaku kumayendera, titsatire mayi wongoyerekeza wa zaka 44, wogulitsa kaunjika pamsika wa m'tauni, amene wabwera kuchipatala chifukwa mawondo akumupweteka ndipo akakwera kamtunda pang'ono amapuma mwawefuwefu.

Msinkhu ndi kulemera

Ntchito imayamba ndi zinthu zooneka zazing'ono zimene zikalakwika zimasokoneza zonse. Sikelo iyenera kukhala pamalo olimba ndi osalala, osati pamphasa kapena pansi pokumbika, ndipo iyambire pa ziro. Mayiyu avule nsapato, juzi ndi chitenje chapamwamba, atulutsenso foni ndi ndalama zachitsulo zimene wamanga m'chiuno. Poyeza msinkhu aime chilili wopanda nsapato, zidendene zitagunda khoma, maso atayang'ana kutsogolo, ndipo duku kapena tsitsi lomangidwa pamwamba lisawonjezere msinkhu. Kufunsa munthu msinkhu wake m'malo momuyeza n'kulakwitsa, chifukwa ambiri amangoganizira.

Mayi wathuyu wapezeka ndi msinkhu wa mamita 1.60 ndi kulemera kwa makilogalamu 86. Manambala awiriwa amaphatikizidwa kuti apereke nambala imene imalembedwa m'kabuku ka kuchipatala kuti BMI. Amachulukitsa msinkhu ndi msinkhu womwewo, kenako n'kugawa kulemera ndi yankho limene apeza:

```
BMI = kg ÷ (m × m)
86 ÷ (1.60 × 1.60) = 33.6
```

Malinga ndi Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse, munthu wamkulu amene nambala yake ili pakati pa 18.5 ndi 24.9 ali pa muyezo wabwino. Kuyambira 25 ndiye kuti walemera mopitirira, ndipo kuyambira 30 ndiye kunenepa kwambiri kumene kumawerengedwa ngati matenda. Nambala ikafika 35, kenako 40, chiopsezo chimakulirakulira. Mayiyu ali pa gawo loyamba la kunenepa kwambiri.

Nambalayi ndi yothandiza, koma ili ndi malire ake. Siisiyanitsa mafuta, minofu ndi madzi. Mnyamata wonyamula matumba a chimanga tsiku ndi tsiku akhoza kufika 28 chifukwa cha minofu yokhayokha. Munthu wa vuto la mtima kapena impso akhoza kulemera chifukwa thupi lasunga madzi, n'chifukwa chake wachipatala amatsindika chala pamsongolo kwa timphindi kuti aone ngati patsala kadzenje. Pakatsala kadzenje m'miyendo yonse iwiri, nkhani yasintha: wodwalayo akufunika dokotala, osati malangizo a kuchepetsa nsima. Kwa mayi woyembekezera nambalayi siigwiritsidwa ntchito motere, ndipo nthawi ya pakati si nthawi yochepetsa thupi.

Tepi ya telala

Chida chimene chimanena zambiri pa nkhaniyi ndi chotchipa kuposa zonse: tepi yoyezera ngati ija amagwiritsa ntchito atelala, bola ikhale yosatanuka. Chifukwa chake n'chakuti mafuta sali ofanana. Amene ali pansi pa khungu m'matako ndi m'ntchafu savuta kwambiri. Amene amaunjikana mkati mwa mimba, mozungulira matumbo ndi chiwindi, ndiwo oopsa, chifukwa amatulutsa zinthu zimene zimapita molunjika kuchiwindi n'kuchititsa kuti thupi lisiye kumvera insulini, michere imene imathandiza shuga kuchoka m'magazi kupita m'minofu. Thupi likasiya kumvera insulini, shuga amayamba kukwera, mafuta a m'magazi amasokonekera, ndipo nthawi zambiri magazi nawo amayamba kuthamanga.

Malo oyeza ndi ofunika kwambiri. Tepi siidutsa pamene mayi amamanga chitenje, kapena pamene bambo amamanga lamba, pansi pa mimba. Siidutsanso pamchombo nthawi zonse, chifukwa mimba ikakula mchombo umatsika. Woyeza amapapasa m'mbali mwa thupi kuti apeze nthiti yomalizira, kenako n'kupeza pamwamba pa fupa la chiuno. Tepi imadutsa pakatikati pa malo awiriwa. Woyezedwa aime mapazi ali moyandikana, manja atawalekerera m'mbali, tepi ili pakhungu kapena pa chovala chopyapyala. Izungulire mofanana kutsogolo ndi kumbuyo, igwire khungu koma isalowe m'mnofu. Nambala iwerengedwe munthuyo atangotulutsa mpweya monga mwa nthawi zonse.

Pamenepa pamalakwika zambiri. Anthu ambiri akaona tepi amakokera mimba mkati osadziwa n'komwe, ndiye woyeza wanzeru amacheza nawo pang'ono kuti amasuke. Tepi ikhoza kupotoka kumsana kumene woyeza sakuona. Munthu amene wangodya kumene mimba yake imakhala yokwera. Njira yodziwira kuti zalakwika ndi kuyeza kawiri: manambala awiriwo akasiyana ndi kupitirira sentimita imodzi, ayambirenso. Ndipo popeza kuyezaku kumafuna kukweza malaya, kuchitike pamalo obisika, woyeza atapempha kaye kuti, "Amayi, ndingakuyezeni pamimba ndi tepiyi?" Munthu amene wachititsidwa manyazi pagulu sabwereranso.

Kwa amayi, chiopsezo chimayamba muyezo ukapitirira masentimita 80, ndipo chimakula kwambiri ukapitirira 88. Kwa abambo malire ake ndi 94 ndi 102. Mayi wathuyu wapezeka ndi masentimita 102, kutanthauza kuti wadutsa malire aakulu aja ndi masentimita 14.

Malire amenewa anachokera ku kafukufuku wa anthu a ku Ulaya, ndipo saganizira msinkhu wa munthu. Masentimita 90 pa mayi wamfupi si chimodzimodzi ndi masentimita 90 pa mayi wamtali. Ndiye pali njira ina yosavuta, yoyerekeza mimba ndi msinkhu: muyezo wa pamimba uyenera kuchepera theka la msinkhu wa munthu. Mayiyu ndi wamtali masentimita 160, theka lake ndi 80. Tikagawa 102 ndi 160 tipeza 0.64. Kuyambira 0.5 chiopsezo chayamba, kuyambira 0.6 ndi chachikulu. Ngakhale kumudzi kopanda tepi, munthu akhoza kudula chingwe chotalika ngati msinkhu wake, n'kuchipinda pakati, n'kuchizunguliza pamimba. Nsonga zikalephera kukumana, ndi nthawi yoti akayezetse magazi ndi shuga.

Zimene mafuta ayamba kale kuononga

Tepi imachenjeza, koma siinena ngati matenda afika. Gawo lotsatira ndi kufufuza matenda amene amayenda limodzi ndi kunenepa, ndipo awiri oyamba sapweteka mpaka ataononga zambiri.

Loyamba ndi kuthamanga kwa magazi, kumene ambiri amangoti bipi. Munthu akhale pansi mphindi zisanu asanayezedwe, msana utatsamira, mkono uli pa thebulo molingana ndi mtima, osalankhula. Kwa munthu wonenepa pali msampha wina: kansalu kokulunga pamkono kakakhala kakang'ono, makina amapereka nambala yokwera kuposa yeniyeni. Ngati kansaluko kakuchita kukokedwa kuti kakumane, kapena kakumasuka kokha pamene kakufufuma, pakufunika kena kokulirapo. Matendawa amatsimikizika nambala ikafika 140/90 kapena kupitirira pa masiku awiri osiyana. Mayiyu, ndi kansalu koyenera, wapezeka ndi 148/94, ndipo atabwerera patatha sabata wapezeka ndi 146/92. Ali ndi vutoli, ngakhale mutu sumupweteka.

Lachiwiri ndi shuga. Amayezedwa m'mawa munthu atakhala maola osachepera asanu ndi atatu osadya kapena kumwa chilichonse kupatula madzi. Kapu ya tiyi wothira shuga yomwa ponyamuka kunyumba imaononga kuyeza konse, choncho woyeza afunse mwachindunji, chifukwa anthu ena sawerenga tiyi ngati chakudya. Makina ena amaonetsa mmol/L, ena mg/dL. Kuyambira 7.0 mmol/L, chimene ndi 126 mg/dL, ndiye matenda a shuga, ndipo amatsimikiza poyezanso tsiku lina. Pakati pa 6.1 ndi 6.9 ndiye kuti shuga wakwera koma matenda sanakhazikike. Mayi wathuyu ali pa 6.5. Ali m'mphepete, ndipo pamenepa ndi pamene kusintha kadyedwe kumapindula kwambiri.

Maso ndi makutu a woyeza amapezanso zina zimene makina sangaonetse. Kumbuyo kwa khosi la mayiyu kuli khungu lakuda, lokhuthala ndi lofewa, limene wakhala akulikwecha poganiza kuti ndi litsiro. Si litsiro ayi. Kawirikawiri ndi chizindikiro chakuti thupi lasiya kumvera insulini. Atafunsidwa za tulo, wanena kuti amuna ake amadandaula kuti amaliza mkonono kwambiri, nthawi zina amachita ngati wasiya kupuma kenako n'kudzidzimuka, ndipo masana amasinza pabenchi. Kubanika kutulo kotereku kumakweza magazi ndipo kumamusiya munthu wotopa ndi wanjala. Mawondo nawo ali m'gulu lomweli, chifukwa ndiwo amasenza kulemera konse pa phazi lililonse limene waponda. Kumene kuli zipangizo, amayezanso mafuta a m'magazi ndi mmene chiwindi ndi impso zikugwirira ntchito.

Pali chinanso chimene chimaiwalika: munthu akhoza kukhala wonenepa koma woperewera zakudya zina zofunika m'thupi. Amene amakhuta nsima yoyera, mandasi ndi zakumwa zotsekemera akhoza kukhala ndi magazi ochepa. Choncho woyeza amayang'ana m'zikope ndi m'zikhatho, ndipo ngati mwayera amayezetsa magazi.

Thupili linayamba liti kukula?

Mbiri ya thupi imaloza chimene chinayambitsa vuto. Mayiyu akukumbuka kuti pokwatiwa ankalemera pafupifupi makilogalamu 60. Atabereka mwana wachitatu anafika 70 ndipo sanatsikenso. Makilogalamu 16 otsalawo abwera m'zaka zisanu zapitazi, kuyambira pamene anapeza benchi pamsika, n'kusiya kuyenda khomo ndi khomo ndi katundu pamutu, n'kuyamba kukwera kabaza popita ndi pobwera. Mwana wake womaliza anabadwa wolemera kupitirira makilogalamu anayi, ndipo amayi ake omubereka amamwa mankhwala a shuga. Zinthu ziwirizi zikuwonjezera chiopsezo chake.

Woyeza afunsenso za mankhwala, chifukwa ena amanenepetsa. Pakati pawo pali puledinizoloni amene ena amamwa nthawi yaitali chifukwa cha mphumu kapena nyamakazi, insulini ndi mapiritsi ena a shuga, mankhwala ena a matenda a maganizo, jakisoni wolera wa miyezi itatu kwa amayi ena, komanso mankhwala otalikitsa moyo okhala ndi dolutegilaviya, amene Malawi anayamba kupereka kwa anthu ambiri mu 2019. Kudziwa zimenezi sikutanthauza kuti munthu asiye mankhwala. Kusiya mankhwala otalikitsa moyo pofuna kuonda n'kuika moyo pachiswe, ndipo puledinizoloni sasiyidwa mwadzidzidzi. Kumangothandiza kuti wachipatala adziwe chimene akulimbana nacho, aone ngati pali china chosinthira, ndipo asamuimbe mlandu munthu pa chinthu chimene sichinachokere m'mbale yokha.

Dzulo munadya chiyani?

Funso lakuti "mumadya chiyani?" yankho lake ndi limodzi m'dziko lonse lino: nsima ndi ndiwo. Katswiri safunsa choncho. Amayenda ndi munthuyo m'tsiku la dzulo, kuyambira podzuka mpaka pogona. "Mutadzuka, choyamba kulowa m'kamwa chinali chiyani? Tiyiyo munathira masupuni angati? Supuni yake yotani, yodzaza bwanji? Musanafike pa nkhomaliro, munagulako kanthu pamsikapo?" Mafunsowa asaloze yankho ndipo asaweruze. Woyeza akangokweza nsidze pomva za mandasi atatu, zotsalazo samvanso. Ngakhale popanda manyazi, pafupifupi aliyense amatchula zochepa kuposa zimene anadya, makamaka zakumwa ndi zotolatola zapakati pa chakudya.

Dzulo la mayiyu linali lotere. M'mawa kapu yaikulu ya tiyi ya masupuni anayi a shuga ndi mandasi awiri. Chakumasana chipisi cha pachiwaya ndi botolo la chakumwa chozizira chotsekemera. Madzulo kapu ina ya tiyi ya masupuni anayi. Usiku mitanda itatu ya nsima ya ufa woyera, usipa wokazinga ndi mpiru pang'ono. Mwa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene amaphunzitsidwa m'Malawi, zipatso ndi za m'gulu la nyemba sizinapezeke konse, masamba anali ongolawa, pomwe zokhutitsa ndi mafuta zinadzaza tsiku lonse. Woyeza amafunsanso ngati dzulo linali tsiku wamba, chifukwa Lamlungu, kumapeto kwa mwezi ndi nyengo yokolola anthu amadya mosiyana. Kwa abambo ambiri funso la mowa ndi kanyenya wa Loweruka ndilo limatulutsa zambiri.

Mafuta ophikira ndi shuga n'zovuta kukumbukira, koma kagulidwe kake kamaulula. "Lita imodzi ya mafuta imatha masiku angati? Mumadya anthu angati pakhomopo?" Kwa mayiyu, lita imatha sabata imodzi pa anthu asanu. Tikagawa, aliyense akudya pafupifupi masupuni aakulu awiri pa tsiku, osawerengera mafuta a m'chipisi ndi m'mandasi. Supuni imodzi yaikulu ya mafuta ili ndi makalori pafupifupi 120, ndipo kalori ndi muyezo wa mphamvu imene chakudya chimapereka. Mphamvu imene thupi silinagwiritse ntchito ndiyo imasungidwa ngati mafuta.

Cholinga chotheka

Apa ndi pamene uphungu wambiri umasokera. Kuti BMI ya mayiyu itsike kufika 25, ayenera kulemera makilogalamu 64, kutanthauza kuchotsa makilogalamu 22. Ndi anthu ochepa kwambiri amene amatha kuchotsa ochuluka chotere ndi kadyedwe kokha n'kukhalabe pomwepo. Kumuuza mayiyu kuti cholinga chake ndi 64 n'kumukonzera kulephera. Adzadzimana mwezi umodzi, adzaona kuti ulendo ndi wautali, ndipo adzasiya zonse akudziona ngati wolephera.

Thupi silidikira kuti munthu afike pa 64 kuti liyambe kupeza bwino. Kuchotsa magawo 5 mpaka 10 pa 100 alionse a kulemera kwa thupi m'miyezi isanu ndi umodzi kumatsitsa shuga, kumatsitsa kuthamanga kwa magazi, kumachepetsa mafuta a m'chiwindi ndipo kumapepuza mawondo. Kafukufuku wamkulu wa ku Amereka amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002 anatsatira anthu onenepa amene shuga wawo anali atakwera koma matenda asanakhazikike. Gulu lina linathandizidwa kuti lichotse magawo 7 pa 100 a kulemera kwawo ndi kuyenda kapena kuchita masewera mphindi 150 pa sabata. M'zaka pafupifupi zitatu, chiopsezo chawo chodwala shuga chinatsika ndi magawo 58 pa 100 poyerekeza ndi amene sanalandire thandizo limeneli.

Kwa mayi wathuyu, magawo 7 pa 100 ndi makilogalamu asanu ndi limodzi. Cholinga chake ndi kuchoka pa 86 kufika pa 80 m'miyezi isanu ndi umodzi, pafupifupi kilogalamu imodzi pa mwezi, ngakhale miyezi yoyambirira imathamangirapo. Pa makilogalamu 80, BMI yake idzakhala 31, ndipo tchati cha pakhoma chidzamutchulabe wonenepa kwambiri. Ayenera kuuzidwa zimenezi pachiyambi pomwe, kuti adziwe kuti chipambano chake chidzaonekera pa tepi, pa makina a shuga ndi pa makina a magazi, osati pa tchaticho.

Kuti thupi liyambe kutsika, akatswiri amalangiza kuchepetsa makalori pafupifupi 500 pa tsiku. Mbiri ya chakudya ija ndiyo imaonetsa pamene angachoke popanda kugula chilichonse chachilendo. Shuga wa m'tiyi akatsika kuchoka pa masupuni asanu ndi atatu pa tsiku kufika pa awiri, achoka makalori pafupifupi 100. Botolo la chakumwa chotsekemera la mamililita 300 lili ndi shuga wokwana masupuni ang'onoang'ono pafupifupi asanu ndi atatu, ndiye likalowedwa m'malo ndi madzi achoka ena 130. Mtanda umodzi wophikidwa ndi ufa wa magalamu 50 uli ndi makalori pafupifupi 180, choncho mitanda iwiri m'malo mwa itatu yachotsa amenewo, ndipo malo otsala m'mbale adzazidwe ndi bonongwe, chisoso, nkhwani kapena mpiru, pamodzi ndi nyemba kapena nandolo zimene zimakhalitsa m'mimba. Lita ya mafuta ikamatha masiku khumi m'malo mwa asanu ndi awiri, achoka ena 70. Zonse pamodzi zayandikira 500, nsima osaisiya, chakudya osadumpha.

Zinayi zonsezi siziyambika tsiku limodzi. Woyeza amamufunsa mayiyo kuti, "Pa zimenezi, mukuona kuti mungayambe ndi ziti mawa lino?" Iye wasankha shuga wa m'tiyi ndi botolo lija. Zina zidzawonjezeka akadzabweranso. Wavomeranso kuti azitsika kabaza patali pang'ono n'kuyenda mwandawala mphindi 15 m'mawa ndi 15 madzulo, masiku asanu pa sabata, zimene zikukwana mphindi 150 zija. Chifukwa cha mawondo, ayambe ndi mphindi zochepa panjira yosakwera. Za kuthamanga kwa magazi, achepetse mchere kuti usafike supuni yaing'ono imodzi pa tsiku, imene ndi magalamu asanu, powerengera ndi wa m'timakyubu tokometsera ndiwo ndi wa m'nsomba zouma. Komabe pa 146/92 wachipatala nthawi zambiri amayambitsa mankhwala. Kilogalamu iliyonse yochoka imatsitsa nambala ya pamwamba ija ndi pafupifupi imodzi, zimene n'zothandiza koma si chifukwa chokanira mapiritsi.

Pali zikhulupiriro zina zoyenera kuzikonza nthawi yomweyo. Mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera chifukwa gaga wake amathandiza m'mimba ndipo uli ndi zofunika zambiri, koma makalori ake ndi ofanana pafupifupi, choncho mitanda inayi ya mgaiwa siondetsa munthu. Uchi ndi shuga wabulauni nazonso ndi shuga. Thobwa ndi maheu othira shuga si madzi. Madzi a mandimu sasungunula mafuta, ndipo tiyi wambiri wogulitsidwa kuti ndi wochepetsa thupi amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa, n'kuchotsa madzi amene amabwerera mawa lake.

Pobwerera kuchipatala

Mayiyu abwerere pakatha milungu iwiri kapena inayi, kenako mwezi ndi mwezi. Ayezedwe pa sikelo yomweyo, nthawi yofanana ya tsiku, chifukwa kulemera kumasintha ndi kilogalamu imodzi kapena iwiri chifukwa cha madzi, chakudya kapena msambo. Tepi idutse pamalo omwe aja. Nthawi zina sikelo imaima koma mimba ikuphwa, makamaka munthu akayamba kuyenda, ndipo chimenecho n'chipambano chenicheni chimene chingabisike ngati tepi yaiwalidwa. Shuga ayezedwenso pakatha miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi.

Pakatha miyezi itatu popanda kusintha kulikonse, woyeza abwerere ku mafunso aja m'malo mokalipa. Mwina botolo lija linalowedwa m'malo ndi juwisi kapena thobwa. Mwina mitanda ndi iwiridi, koma chipande chakula. Mwina apongozi kapena amuna ake akumuuza kuti anthu ayamba kunena kuti akudwala, ndipo pamenepo ndi bwino kuwaitana kuti adzamve okha chimene makina anapeza, popeza mphika ndi umodzi ndipo kusintha kwa mafuta ndi mchere kumakhudza banja lonse.

Pafupi ndi mwezi wachisanu ndi chimodzi, kutsika kumachedwa kapena kuima. Izi zimachitika pafupifupi kwa aliyense, chifukwa thupi lochepa limagwiritsa ntchito mphamvu zochepa ndipo njala imakula. Cholinga chimasintha pamenepo: kusunga makilogalamu 80 aja kwa miyezi ina isanu ndi umodzi asanaganize zotsikanso. Kwa amene BMI yawo ili pa 40 kapena kupitirira, kapena pa 35 ali ndi matenda aakulu, kadyedwe kokha nthawi zambiri sikakwanira, ndipo ayenera kukambirana ndi dokotala za mankhwala kapena opaleshoni kumene zimapezeka.

Chenjezo lomaliza ndi la kutsika kofulumira. Munthu wonenepa amene wayamba kuonda mwamsanga asanasinthe chilichonse asasangalale. Ngati akumva ludzu kwambiri ndipo akukodza pafupipafupi usiku, akhoza kukhala shuga amene wafika poipa. Ngati akutsokomola, kutuluka thukuta usiku kapena kutentha thupi, ayezetse chifuwa chachikulu ndi kachilombo koyambitsa Edzi. Khansa nayonso imatha kuyamba chonchi. Aliyense amene akumwa mapiritsi a shuga kapena kubaya insulini auze wachipatala asanachepetse chakudya, chifukwa shuga akhoza kutsika mopitirira, munthu n'kuyamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, ngakhale kukomoka.

Wina aliyense wamkulu amene mimba yake yadutsa theka la msinkhu wake ali ndi ufulu wopempha kuti amuyeze zonse zinayi, kulemera, mimba, magazi ndi shuga, ndi kuti manambalawo alembedwe m'kabuku kake pamodzi ndi tsiku. Asanatuluke m'chipindamo afunse kuti makilogalamu oyamba oti achotse ndi angati, ayambe kusintha chiyani, ndipo abwerenso liti.